Sitampa ya mbidzi: kankhani kanga katsopano, ndithandizeni maganizo

Nangozo: Moni nonse. Ndalemba kankhani kakafupi ka mtsikana ndi agogo ake aamuna. Ndikupempha makamaka inu odziwa za masitampa mundiuze ngati njira imene awiriwa atsata ingamufikitsedi munthu pa dziko lolondola. Nako.

Envulopuyo inagwa m'buku lakale pamene mtsikanayo ankapukuta fumbi. Inali yopepuka kwambiri, m'mbali mwake muli timizere tofiira ndi tabuluu, koma mkati munalibe kanthu. Dzina la kutsogolo linali la akulu awo a agogo, amene anamwalira iye asanabadwe. Kuseri, pamene wotumiza amalemba keyala yake, njenjete zinali zitadya.

"Agogo, kalata iyi inachokera kuti?"

Agogo anaiyandikiza kumaso, kenako anaitalikitsa, n'kupukusa mutu. "Maso anga anatha, mdzukulu wanga. Iwe uziwerenga, ine ndiziganiza. Pa sitampapo ukuonapo chiyani?"

"Mbidzi. Ndiye kuti yachokera kudziko la mbidzi."

"Mwina. Koma munthu akhoza kujambula nyama imene kwawo kulibe. Chithunzicho tichisiye kaye. Pali malemba?"

Mtsikanayo anatchula chilembo chimodzichimodzi, chala chili pansi pake. MAGYAR POSTA.

"Mawu achiwiriwo akunena za positi," anatero agogo. "Amenewo satithandiza, mayiko ambiri amalemba motero. Mwini sitampa wabisala m'mawu oyambawo."

"Madagascar!"

"Werenganso. D ali pati? Usathamangire dzina chifukwa choti layamba mofanana. Tsopano funa mtengo. Sitampa imagulidwa ndi ndalama za dziko lake, ndipo mtengowo amaulemba pomwepo."

Pakona panali 2 Ft. Agogo anakhala chete kanthawi. Anati akanakhala F yekha kapena Fr akanaganiza za faranka, koma t ameneyu sakumudziwa. Anauza mtsikanayo kuti alembe zilembozo papepala, azisunge.

"Kwatsala mboni imodzi. Pita nayo pazenera, uipendeketse kuti kuwala kudutse chammbali. Chidindo chakudacho chikuti chiyani?"

Theka la chidindocho linali litagwera pa sitampa ina imene inamatuka kalekale, n'kusiya banga la guluu. Pa theka lotsalalo mtsikanayo anawerenga zilembo zinayi, PEST, ndipo pakati panali manambala, 62 11 05.

"Palibe mwezi wa masiku 62," anatero yekha, agogo asanamufunse. "Chimenecho ndi chaka."

Agogo anamwetulira, n'kumutuma kukatenga buku la mapu. Mndandanda wa mayina kumapeto kwa bukulo sunawathandize, chifukwa unasanjidwa potsata zilembo zoyamba pamene iwo anali ndi zomalizira. Agogo anati ayambe ndi Ulaya. Zilembo za pa sitampa zinali zomwezi za masiku onse, choncho Russia, Greece, China ndi mayiko a Aluya anawachotsa. Chala cha mtsikanayo chinayenda mzinda ndi mzinda mpaka chinaima.

"Bucharest!"

"Ikutha ndi chiyani?"

"REST." Anakhumudwa, koma chala chinapitiriza chakumadzulo, kutsata mtsinje. Kenako anakuwa. "Budapest! Agogo, dziko lake ndi Hungary. Nanga bwanji sanalembe Hungary?"

"Dzina la pamapu analemba ndi wopanga mapu, m'chinenero chake. Pa sitampa dziko limadzitchula lokha."

Mtsikanayo anafunsa kuti akulu awo aja ankadziwana ndi ndani kutali konseko. Agogo anatenga envulopuyo, anasuzumira mkati ngakhale ankadziwa kuti mulibe kanthu, n'kuyankha kuti m'bale wawoyo sanawauzepo.

Kathera pamenepo.

Limbani: Kankhani kokoma achemwali. Koma ine ndikuona kuti mtsikanayo sanaphonye kwenikweni. Ndinaonapo sitampa ya ku Madagascar, dzina lake linali ngati lomwelo, loyamba ndi MA n'kukhala ndi G ndi Y. Mwatsimikiza kuti Magyar si iwowo?

Aphiri: Limbani, zimene unaonazo ndi zoona, koma mawu ake ndi ena. Masitampa a ku Madagascar a m'ma 1960 ankalembedwa REPOBLIKA MALAGASY. Malagasy ndi Magyar akufanana ukangoyang'ana mothamanga, n'chifukwa chake kusokonezeka kwa mtsikanayu ndakukhulupirira. Ana ambiri oyamba kutolera masitampa amagwa pomwepo. Magyar ndi mmene anthu a ku Hungary amadzitchulira, ndipo dziko lawo amati Magyarország. Ine ndayamba kusunga masitampa ndili mnyamata, ndipo a MAGYAR POSTA anali ochuluka m'paketi iliyonse imene munthu ankagula.

Mayi Nangozo, njira ya agogowa ndi yolondola, ndipo chimene chandisangalatsa ndi dongosolo lake. Ayamba ndi dzina, kenako ndalama, n'kumalizira chidindo. Chithunzi achikankhira pambali, ndipo achita bwino. Mu 1961 dziko la Hungary linatulutsa masitampa a nyama za kumalo osungirako nyama a mumzinda wa Budapest, ndipo mbidzi inalipo pamodzi ndi njovu ndi chimbalangondo. Munthu wotsata chithunzi akanathera ku Africa kuno pamene kalata inachokera pakati pa Ulaya. Mayiko ambiri nthawi imeneyo ankasindikiza nyama, maluwa ndi zombo za m'mlengalenga kuti akope otolera masitampa akunja, ndiye chithunzi ndi mboni yofooka kuposa zonse.

Nangozo: Zikomo Aphiri. Mbidziyo ndinaisankha dala kuti mtsikanayo asochere poyamba. Chimene chikundivuta ndi 2 Ft. M'nkhanimo agogo angoilemba papepala, sinagwirenso ntchito. Kodi ndiichotse?

Aphiri: Musachotse, ipatseni ntchito. Ft ndi forinti, ndalama ya Hungary. Inayamba pa 1 Ogasiti 1946, kulowa m'malo mwa ndalama yakale yotchedwa pengo imene inagwa mphamvu moopsa nkhondo yachiwiri itatha. Forinti imodzi inali ndi mafila 100, ndipo pa masitampa otsika mtengo mumaona f wamng'ono yekha, monga 40 f kapena 60 f. Ndiye tangoganizani kuti chidindo chija chinafufutika chonse. Zilembo ziwirizo pa sitampa ya MAGYAR POSTA zikanakuuzani kuti kalatayo siingakhale ya chaka cha 1946 chisanafike. Kumbali inayo, mawu akuti MAGYAR POSTA anasiya kulembedwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, n'kuyamba kulemba MAGYARORSZÁG. Mukaphatikiza ziwirizi mwatsekera kalatayo pakati pa zaka pafupifupi 45, musanayang'ane n'komwe chidindo.

Agogo a m'nkhani yanu sakuyenera kudziwa zonsezi. Koma akapeza Hungary, mtsikanayo akhoza kubwerera ku kapepala kaja n'kukafufuza ndalama ya dzikolo. Mabuku ambiri a mapu a kusukulu amakhala ndi tsamba la mayiko, malikulu ake ndi ndalama zake. Akapeza forinti pamenepo ndiye kuti mboni ziwiri zagwirizana, ndipo yankho lawo laleka kukhala longoganizira.

Chifundo: Pepani ndalowa mochedwa. Ndiye sitampa ya 1961 ngati imeneyi ingagulitsidwe ndalama zingati? Zaka zoposa 60 si masewera. Agogowo akanangoigulitsa.

Aphunzitsi: Chifundo, iyi ndi nkhani yopeka, envulopuyo ili m'mutu mwa Nangozo. Werenga kuchokera pamwamba.

Aphiri: Komabe funsolo ndiliyankhe, chifukwa ambiri amaganiza choncho. Ukale pawokha sukweza mtengo wa sitampa, chimene chimakweza ndi kusowa kwake. Masitampa a Hungary a nthawi imeneyo anasindikizidwa ochuluka zedi, ndipo ambiri ankadindidwa ku positi komweko asanamatidwe pa kalata iliyonse, n'cholinga chogulitsa kwa otolera. Oterowo mumawadziwa chifukwa chidindo chimakhala chaudongo pakona, koma kuseri guluu akadalipo. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri. Imene ili pa envulopu yoti inayendadi ndi yosangalatsa kuposa pamenepo, ndipo aliyense amene ali nayo asaimatule. Mukaichotsa mwadula chidindo pakati, mwataya tsiku ndi mzinda.

Anabanda: Ine ndili ndi vuto langa lenileni, mundikhululukire polowetsa. M'katundu wa malemu mayi anga muli envulopu yokhala ndi sitampa yopanda dzina la dziko ngakhale pang'ono. Pali mutu wa mzimayi wovala chisoti chachifumu, woyang'ana kumbali, ndi nambala basi. Njira ya agogo aja ikuyamba ndi dzina. Nanga dzinalo likasowa?

Limbani: Imeneyo ndi ya ku Britain amayi. Sitampa iliyonse yokhala ndi mutu wa Mfumukazi ndi ya ku Britain.

Aphiri: Theka loyamba wakhoza, lachiwiri ayi. Mutu wa Mfumukazi Elizabeth unali pa masitampa a mayiko ambirimbiri, monga Canada, Australia, New Zealand ndi mayiko amene ankalamulidwa ndi Britain. Kusiyana kwake n'kwakuti onsewo amalemba dzina lawo. Britain yekha ndiye salemba, ndipo wakhala akutero kuyambira pa sitampa yoyamba yeniyeni ya mu 1840, imene inali ndi mutu wa Mfumukazi Victoria. Ndiye chimene chikukuuzani dziko, Anabanda, ndi kusowa kwa dzinako pamodzi ndi mutuwo.

Yang'ananinso pambali pa nambalayo. Mukaona d wamng'ono, monga 4d, sitampayo ndi ya ndalama zakale za mapeni, zimene anasiya mu Febuluwale 1971. Mukaona p, ndi ya kuyambira 1971 kubwera kuno.

Anabanda: Ndaitenga pompano. Palembedwa 9d. Ndiye kuti ndi ya 1971 isanafike?

Aphiri: Sitampayo ndi ya ndalama zakalezo, inde. Tsiku limene kalatayo inaponyedwa mulipeza pa chidindo. Chitani zimene anachita mtsikana uja, muipendeketse pa kuwala kwa pazenera. Osapaka madzi kapena kukanda ndi chikhadabo.

Aphunzitsi: Tibwerere ku nkhani ya Nangozo. Ine za masitampa sindikudziwa zambiri, koma ndili ndi mafunso awiri ngati wowerenga. Loyamba ndi limene ana anga a m'kalasi angafunse nthawi yomweyo. Bwanji mtsikanayo sanangolemba MAGYAR POSTA pa foni? Yankho likanabwera asanakhale n'komwe pansi. Ngati nkhaniyi ikuchitika masiku ano, wowerenga afuna chifukwa.

Lachiwiri ndi agogowa. Akuganiza bwino kwambiri, koma sindikuwamva ngati munthu amene ali ndi moyo wake. Chilichonse chimene anena ndi malangizo. Ndikanakonda pakhale chinthu chimodzi chimene iwo okha angachidziwe chifukwa cha zaka zawo, chimene sichili m'buku la mapu.

Nangozo: Za foni ndinaziganizira. Sindikufuna kunena kuti magetsi anazima kapena foni inathera moto, zimenezo zimaoneka zokakamiza. Ndikuganiza zoti mtsikanayo aitulutse ndithu foniyo, agogo n'kumupempha kuti ayese kaye okha. Iwo maso anafooka, pa foni sangatengepo mbali, koma pa kuganiza angathe. Mtsikanayo akazindikira zimenezo n'kuibweza m'thumba, ndiye kuti tamudziwa mtima wake.

Funso lachiwirilo ndi limene ndilibe nalo yankho.

Limbani: Mpira! Agogo ambiri amakumbukira mpira kuposa china chilichonse. Hungary inali ndi timu yoopsa kale.

Aphiri: Apa Limbani wabweretsa chinthu chabwino. Mu Novembala 1953 Hungary inagonjetsa England zigoli 6 kwa 3 pa bwalo la Wembley, kwawo kwenikweni kwa Angerezi, kaputeni wake ali Ferenc Puskás. Chaka chotsatira inafika m'ndime yomaliza ya chikho cha dziko lonse, n'kugonja 3 kwa 2 ndi West Germany mumzinda wa Bern. Atolankhani a Chingerezi ankaitchula timuyo ndi dzina lomwelo la Magyar. Ngati agogowa anabadwa cha m'ma 1943, anali ndi zaka 10 pa nthawi ya masewero a pa Wembley ndipo 19 pamene kalatayo inkafika. Zikugwirizana. Akhoza kukhala kuti dzinalo analimva kwa akulu awo omwewo, amene ankakonda mpira.

Aphunzitsi: Chimenecho ndiye ndimafuna. Koma chenjerani, Nangozo. Agogo akakumbukira msanga, nkhani yatha pa mzere wachisanu. Mawuwo aziwavutitsa m'mutu, aziti ndinawamva kwinakwake, koma kukumbukira kubwere mtsikanayo atapeza kale Budapest. Aliyense abweretse theka lake.

Nangozo: Ndatenga. Ndipo zikundithandiza pa vuto lina. Mtsikanayo amatchula zilembo chimodzichimodzi, ndiye agogo sanamve mawuwo onse pamodzi. Akawatchula athunthu pamapeto m'pamene kukumbukira kungabwere.

Aphiri, nanga tsiku lija? 62 11 05 ndi 11 Meyi kapena 5 Novembala?

Aphiri: Anthu a ku Hungary polemba tsiku amayamba ndi chaka, kenako mwezi, n'kumalizira tsiku. Ndiye manambala anuwo akuwerengedwa 5 Novembala 1962. Chaka chikugwirizananso ndi sitampa ya 1961, chifukwa chidindo sichingakhale chakale kuposa sitampa imene chadindidwapo. Kameneka ndi kayeso kabwino pa envulopu iliyonse. Mukaona chaka cha chidindo chili kumbuyo kwa chaka chimene sitampa inatuluka, mwawerenga molakwika nambala ina.

Langizo langa n'lakuti musanasindikize, funani chithunzi cha envulopu yeniyeni yochokera ku Budapest ya zaka zimenezo, mukopere mmene tsiku linalembedwera. Zidindo zambiri za ku Ulaya zinkalemba mwezi ndi manambala a Chiroma, monga XI kutanthauza Novembala, ndipo zina zinkawonjezera ola kumapeto. Wotolera masitampa akamawerenga nkhani yanu ayang'ana pamenepo.

Palinso china chimene mungawonjezere mosavuta. Mwanena kuti envulopuyo ili ndi timizere tofiira ndi tabuluu, ndiye kuti ndi ya pandege. Yotereyi nthawi zambiri imakhala ndi mawu awiri, LÉGIPOSTA m'chinenero chawo ndi PAR AVION m'Chifalansa. Chifalansacho chimasocheretsa anthu, amayesa kuti kalata yachokera ku France. Chifukwa chake n'chakuti bungwe logwirizanitsa mapositi a dziko lonse, limene linakhazikitsidwa ku Bern mu 1874, linasankha Chifalansa kukhala chinenero chake, ndiye mawuwo amapezeka pa makalata a mayiko ambiri.

Limbani: Zimenezo zingalimbikitse mtsikana uja pa Madagascar wake, poti kumeneko amalankhula Chifalansa.

Nangozo: Zoona, ndipo mkangano wake ndi agogo ungatalikeko pang'ono. Koma ndikuopa kudzaza nkhani. Misampha ilipo kale itatu: mbidzi, Madagascar, Bucharest. Wachinayi ungatopetse mwana wowerenga.

Aphunzitsi: Ine ndingachotse Bucharest n'kusunga PAR AVION. Kusokoneza Bucharest ndi Budapest kwatha m'mizere iwiri, sikunasinthe kanthu.

Aphiri: Pamenepo sindikugwirizana nanu, Aphunzitsi. Mizinda iwiriyi anthu akuluakulu omwe amaisokoneza, ndipo ndi pamalo pokhapo pamene mtsikanayo wadzikonza yekha powerenganso. Kungoti dziwani kuti chidindo cha ku Romania sichikanalemba Bucharest, chikanalemba BUCURESTI, dzina la eni ake. Budapest ili ndi mwayi woti imalembedwa chimodzimodzi pamapu a Chingerezi ndi pa chidindo. Ikanakhala kalata ya ku Vienna, chidindo chikanati WIEN, sitampa n'kuti ÖSTERREICH, ndipo buku la mapu lija silikanawathandiza msanga. Chimodzimodzi HELVETIA ya Switzerland, kapena CCCP imene ana amaiwerenga ngati zilembo zathu pamene ndi za Chirasha. Mwasankha dziko loti njira yanu itheke, ndipo ndi bwino kudziwa kuti siitheka paliponse.

Anabanda: Ine chimene chikundisowetsa mtendere ndi mapeto. Tapeza dziko, koma analemba ndani? Envulopu ya mayi anga ija nayonso ilibe kalata mkati, ndipo n'zowawa kuigwira osadziwa. Mwana wowerenga akufunika kuuzidwa. Apeze kalatayo m'buku lina, kapena agogo akumbukire mnzawo wa akulu awo amene anapita kukaphunzira kumeneko.

Nangozo: Ndikukumvani amayi, koma pamenepa ndikukakamira. Sitampa ndi chidindo zimanena kumene kalata inaponyedwa ndi tsiku lake, basi. Sizinena kuti wolembayo anali nzika ya kumeneko. Akhoza kukhala wophunzira, wodutsa paulendo, kapena mnzawo wa makalata amene sanaonanepo naye. Ndikafotokoza zonse ndiye kuti ndanamiza mwana kuti envulopu imayankha funso lililonse.

Aphunzitsi: Mukhoza kusiya funsolo lili lotseguka koma mtsikanayo n'kukhala ndi chochita. Afunse kuti ndani wina amene akadali moyo amene ankawadziwa malemuwo. Mwana sakonda nkhani yongoima.

Anabanda: Ngakhale zimenezo kwa ine n'zochepa, koma nkhani ndi yanu.

Chifundo: Ndawerenga tsopano kuchokera pamwamba. Funso langa ndi sitampa inamatuka ija. Inali ya chiyani? Imodzi sinali yokwanira?

Aphiri: Kalata ya pandege yopita kutali inkadula kuposa ya pamtunda, ndipo mtengo unkadalira kulemera kwake ndi dziko limene ikupita. N'chifukwa chake pepala lake linali lopyapyala chonchija, ndipo anthu ankaphatikiza masitampa awiri kapena atatu kuti akwanitse mtengo. Yomatukayo mwina inachotsedwa ndi mwana wina wotolera masitampa, poti zoterezi zinkachitika m'nyumba zambiri.

Nangozo: Mwana ameneyo akhoza kukhala agogo omwewo. Anali ndi zaka 19, mwina anaimatula okha n'kuiika penapake. Akaipeza, theka lina la chidindo lili pamenepo, BUDA. Aphunzitsi, kodi zimenezi zingakhale chochita chija mumanena, kapena zikutseka nkhani mwaudongo kwambiri?

Aphunzitsi: Lembani mitundu yonse iwiri, wina aipeze wina asaipeze, mutitumizire tiwerenge.